Mmene mungalemberenso chipepeso mutaulula chinsinsi cha mnzanu

Chipepeso choyamba chomwe munthu amalemba ataulula chinsinsi cha mnzake kawirikawiri chimakhala chodziteteza. Amachilemba mtima uli m'mwamba, akuopa kuti chinzake chatha, ndiye mawu onse amathamangira kusonyeza kuti iye si munthu woipa. Wolakwiridwa uja akawerenga amapeza kuti uthenga wonse ukukamba za wolakwayo, za iye amene wavulala mulibemo. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti chipepeso chotere muzichilemba kawiri. Koyamba lembani zonse zomwe zili kukhosi, koma musatumize. Kachiwiri chotsanimo chilichonse chomwe chikukuikirani kumbuyo, ndipo chimenecho ndicho chopita kwa mnzanu.

Titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Pali amayi awiri okondana kuyambira kale. Wina amakhala ku Chinamwali ndipo amagulitsa tomato ndi anyezi mumsika waukulu wa Zomba, winayo ndi telala wa ku Matawale. Onse ali mu banki m'khonde imodzi. Tsiku lina telala uja anauza mnzake kuti anatenga katapila wa K150,000 bizinesi itavuta, anapereka makina ake osokera ngati chikole, ndipo amuna ake sakudziwa. Anamaliza ndi mawu akuti, "Izi zithere pompano." Patapita masiku, wa tomato uja anakumana ndi msungichuma wa gulu lawo mu minibasi pochokera ku Songani, nkhani n'kutuluka. Pa msonkhano wotsatira gulu linamukaniza telala ngongole, ndipo amuna ake anamva za makinawo kwa anthu apadera.

Uthenga woyamba womwe wa tomato analemba unali wotere:

"Achemwali, pepani ngati zomwe zamvekazi zakukhumudwitsani. Ine sindinafune kuti zifike pamenepa. Ndinangowatsina khutu asungichuma chifukwa ndimakuderani nkhawa, koma iwo ndi amene afalitsa. Inu mukundidziwa, ine si wamiseche. Nanenso sindikugona nayo nkhaniyi. Tiyeni tingoiwala, tonse ndife anthu, timalakwa."

Uthengawu ndi waulemu, ndipo mwini wake anaulemba ndi misozi yeniyeni. Koma mukauyang'anitsitsa mulibe chiganizo ngakhale chimodzi chonena kuti "ndinaulula chinsinsi chanu". Tiyeni tiukonze.

Choyamba: dziwani bwinobwino zomwe munachita

Musanagwire foni, tengani pepala mulembe zinthu zitatu: munauza ndani, munamuuza liti ndi kuti, ndipo munanena mawu otani. Lembani onse amene munawauza, ngakhale amuna anu kapena akazi anu, ngakhale mchemwali wanu wa ku Lilongwe amene mukuganiza kuti sangakumane ndi mwini nkhani. Ambiri amapunthwa pomwepa. Amavomera munthu mmodzi amene wadziwika kale, ena awiri n'kuwabisa. Mnzanu akadzamva pambuyo kuti panalinso wina, chipepeso chanu chonse chidzasanduka bodza, ndipo ulendo wachiwiriwo sadzakumveraninso.

Onaninso ngati munawonjezera mchere. Wa tomato uja atakhala pansi anakumbukira kuti sanangonena za katapila, ananenanso kuti "sindikudziwa ngati angabweze". Mawu amenewo sanachokere kwa telala, anali ake, ndipo ndi amene anachititsa gulu kuchita mantha. Zoterezi ziyenera kulowa m'chipepeso.

Ngati chinsinsi chinatuluka pa WhatsApp, chotsani uthengawo msanga posankha Delete for everyone. Njirayi imatheka mkati mwa masiku pafupifupi awiri kuchokera pomwe munatumiza, ndipo sichotsa zomwe wina anajambula kale pa foni yake kapena kutumiza kwa ena. Choncho musadzanene kuti "ndafufuta, zatha". Nenani kuti munafufuta, koma anthu akuti ndi akuti anali atawerenga kale.

Pepala lija mukathana nalo ling'ambeni.

Chachiwiri: pitani chiganizo ndi chiganizo, muchotse zodziteteza

Apa ndi pomwe pali ntchito yaikulu, ndipo musafulumire. Pa chiganizo chilichonse dzifunseni kuti, kodi chimenechi chikuthandiza mnzangayo, kapena chikundipeputsira ine mlandu?

"Pepani ngati zakukhumudwitsani." Chiganizochi chikukayikira chinthu chosakayikitsa. Munthu wakanizidwa ngongole pamaso pa anzake, kunyumba kwake kulibe mtendere, ndiye inu mukufunsa ngati wakhumudwa? Komanso chikupepesa chifukwa cha mtima wa mnzanu, osati chifukwa cha zomwe inu munachita, ngati kuti vuto ndi loti iye sachedwa kupsa mtima. Chichotseni.

"Zomwe zamvekazi", "zifike pamenepa". Nkhani simveka yokha, pali amene anainena. Paliponse pomwe mwalemba ngati kuti zinthu zinangochitika, bwezeranipo wochita, amene ndi inu: ndinanena, ndinauza, ndinaphwanya pangano. Chimodzimodzi mawu aja timakonda akuti "pakamwa panatereleka" kapena "Satana anandinyenga". Ngakhale muwanene ndi mtima wonse, mnzanu amamva kuti mwapeza wina womusenzetsa mlandu.

"Chifukwa ndimakuderani nkhawa." Ichi ndi chovuta kuchisiya, chifukwa mwina ndi choona. Koma taganizani mmene chikumvekera kwa telala: ndiye kuti azithokoza? Munthu wodera nkhawa mnzake amapita kwa mwini wake n'kumufunsa kuti, "Kodi ndingauze asungichuma kuti tione mothandizirana?" Inu simunafunse. Ndipo tikanena zoona, nthawi zambiri nkhawa imakhala itasakanikirana ndi kukoma kwa nkhani, kaja kofuna kuoneka kuti ife timadziwa zamkati. Cholinga chanu chabwino chisungeni. Ngati mnzanu adzafunsa yekha kuti munachitiranji, mudzayankha pamenepo.

"Koma iwo ndi amene afalitsa." N'zoona kuti msungichuma naye analakwa, koma umenewo ndi mlandu wake, adzaupepesa yekha. Telala sanasungitse chinsinsi kwa msungichuma, anasungitsa kwa inu. Mukadatseka pakamwa, msungichuma sakadakhala ndi chofalitsa. Dzina la munthu amene munamuuza lilowe m'chipepeso kuti mnzanu adziwe pomwe nkhani yafika, osati kuti mugawane naye mlandu. Ndipo paliponse pomwe "pepani" watsatana ndi "koma", dulani kuyambira pa "koma" mpaka kumapeto kwa chiganizo.

"Ine si wamiseche" ndi "nanenso sindikugona". Choyambacho chikupempha mnzanu kuti akuchitireni umboni pa tsiku lomwe ali ndi umboni wotsutsa. Chachiwiricho chikumupempha kuti akutonthozeni. Amayi ambiri a mtima wofewa amagwa m'mbuna imeneyi: amapezeka akunena kuti "musalire, achemwali, zatha", pomwe bala lawo palibe walikhudza. Kusagona kwanu kauzeni Mulungu, kapena munthu wina popanda kutchula nkhani ya mnzanuyo.

"Tiyeni tingoiwala, tonse timalakwa." Woiwala ndi iye, ndipo nthawi yake asankha yekha. Wolakwa sakhala wolamula kuti mlandu watha.

Mukachotsa zonsezi mupeza kuti pa uthenga uja patsala mawu awiri okha: "Achemwali, pepani." Musadabwe, pamenepo ndi poyambira pabwino.

Chachitatu: mangani chatsopano

Chipepeso chovomera mlandu chimafuna zinthu zinayi, ndipo zibwere motsatana chonchi. Yambani ndi zomwe munachita, mosabisa, pogwiritsa ntchito pepala lija. Kenako tchulani zomwe zamuonekera mnzanu chifukwa cha inu. Apa nenani zomwe mukuzidziwa ndi maso, monga ngongole yokanizidwa ndi kusamvana kwa kunyumba. Musanene kuti "ndikudziwa mmene mukumvera", chifukwa simukudziwa. Chachitatu, nenani zomwe mungathe kukonza, koma mupemphe chilolezo musanachite. Pomaliza musiyireni ufulu woyankha kapena kusayankha.

Pali chenjezo limodzi lomwe anthu amaliiwala, ndipo ndi lalikulu: musalembe chinsinsi chenichenicho mu uthenga. Foni zambiri m'makomo mwathu muno sizikhala za munthu mmodzi. Ana amaseweretsa, amuna amabwereka, ina imakhala pa shopu yotchajitsa tsiku lonse. Mukalemba kuti "za katapila ndi makina aja", mwaulula kachiwiri, ulendo uno molemba. Nenani kuti "nkhani munandiuza ija". Mwini wake akudziwa.

Uthenga wa wa tomato uja utalembedwanso unakhala chonchi:

"Achemwali, nkhani munandisungitsa ija ndinaulula ndine. Munandiuza kuti ithere pakati pathu, ine ndinavomera, kenako ndinakauza asungichuma Lachiwiri lija tikuchokera ku Songani. Ndinauzanso amuna anga usiku womwewo. Kupatula awiriwa palibe wina. Kwa asungichuma ndinawonjezeranso mawu anga okayikira ngati mungakwanitse, zomwe inu simunanene ndipo ndinalibe nazo umboni. Chifukwa cha pakamwa panga mwachita manyazi pagulu, thandizo lomwe mumayembekezera lakuphonyani, ndipo kunyumba amva kwa anthu nkhani yomwe mumayenera kuwauza nokha pa nthawi yanu. Palibe wandikakamiza, ndipo ndilibe chodzikanira. Ndalakwa, pepani. Ngati mungalole, ndipita kwa asungichuma kukabweza mawu ndinawonjezera aja, kapena ndikawabweze pamaso pa gulu lonse. Sindichita chilichonse musanandiuze, kuopa kuikulitsa nkhani. Simukukakamizidwa kundiyankha lero kapena mawa. Mukafuna kuti ndibwere mudzandilankhule pamaso, ndibwera nthawi yomwe munganene."

Taonani kuti mawu oti "pepani" abwera kamodzi kokha, ndipo abwera mlandu utatchulidwa kale. "Pepani" khumi otsatizana amamveka ngati munthu akupempha kuti amusiye. Taonaninso kuti sanalonjeze kuti "sindidzabwerezanso mpaka imfa". Lonjezo losunga pakamwa ndi lomwe laphwanyidwa kumene, ndiye kulibwereza lero sikulemera kanthu. Cholemera ndi chinthu chooneka chomwe mungachite sabata ino.

Pa za kukonza, lonjezani zomwe zili m'manja mwanu zokha. Wa tomato sangalonjeze kuti gulu lisintha maganizo, kapena kuti amuna a telala aphwa mtima. Madzi akatayika saoleka. Angathe kubweza mawu ake onama, angathe kupempha amene anawauza kuti asapitirize, ndipo ngati ali nazo angathe kudzipereka kukhala mboni ya ngongole ya mnzakeyo pagulu. Za ndalama samalani nazo. Kutumiza kangachepe pa foni limodzi ndi chipepeso kumaoneka ngati mukugula chikhululuko. Ngati mnzanu wataya ndalama chifukwa cha inu, nkhani yobwezera idzakambidwe payokha, iye atavomera kulankhula nanu.

Katchulidwe kakhale komwe mumatchulana masiku onse. Ngati mumati "iwe" kuyambira ku pulayimale, musasinthe mwadzidzidzi n'kuyamba "inu mayi", chifukwa zimamveka ngati kalata ya ku ofesi, ngati mwadzipatula kale. Ngati ndi wamkulu kwa inu, kapena mumatchulana kuti achemwali, achimwene, pitirizani ulemu womwewo. Ngati mumacheza mosakaniza ndi Chiyao, monga ambiri kuno, lembani momwemo.

Chachinayi: chiyeseni musanatumize

Chiwerengeni mokweza muli nokha, mukudziyesa kuti ndinu mnzanuyo. Pomwe mungamve mtima ukuti "ndiye ukufuna kunena kuti wolakwa ndine?" kapena "nanga zimenezo zikundikhudza bwanji?", pamenepo patsala kodziteteza. Njira ina yoyesera ndi iyi: mukamaliza kuwerenga, kodi mukumva kupepukidwa kapena manyazi? Chipepeso chovomera mlandu wonse chimamuwawa wolemba. Ngati chikukusangalatsani mmene chakutulutsirani bwino, bwererani pa sitepe yachiwiri.

Musachipereke kwa munthu wina kuti akuonereni ngati chili bwino, pokhapokha ngati simunatchulemo kanthu komuzindikiritsa mnzanuyo. Ndipo musachedwe nacho. Tsiku limodzi lokonza ndi lokwanira. Ngati mnzanu sanamve n'komwe kuti nkhani yatuluka, musadikire kuti mwina sizimveka. Zomba ndi tauni yaing'ono, wa ku Chikanda ndi wa ku Sadzi amakumana pa maliro amodzi, pa chigayo chimodzi. Kuli bwino amve kwa inu, apeze mpata wokauza yekha amene ayenera kuuzidwa asanamve kwa ena.

Chachisanu: kafikitsidwe kake

Kwathu kuno kupepesa kwenikweni ndi kwa pamaso, ndipo ine ndimaona kuti uthenga wa pa foni ntchito yake ndi kugogoda pakhomo basi. Komabe pa nkhani ya chinsinsi, kuyamba ndi uthenga kuli ndi ubwino wake: mnzanu amawerenga ali yekha, sakakamizika kumwetulira chifukwa mwamuimirira pakhonde ana ndi aneba akuona. Musamutulukire pa ntchito pake makasitomala ali pomwepo, kapena potuluka m'tchalitchi kapena ku mzikiti. Akavomera kukumana, asankhe malo ndi iye. Ngati akusiyirani inu, sankhani poduka mphepo, monga ku Botanical Gardens m'mbali mwa Mulunguzi, komwe anthu awiri angakhale pansi n'kulankhula popanda wowamvetsera. Mukafika nenani mawu omwewo munalemba aja, musakayambe kuwonjezera zifukwa zomwe munazichotsa.

Musapepese pa gulu la WhatsApp, ndipo musaike mawu olapa pa Status. Amene sanamve ayamba kufunsa kuti kwagwanji.

Nanga mkhalapakati? Mwambo wathu umalemekeza kutuma wamkulu, ndipo pa milandu yambiri ndi njira yabwino. Pa mlandu uwu pali msampha: kuti amayi a mvano kapena abusa akuthandizeni, muyenera kuwafotokozera, ndipo pofotokozapo mwauzanso munthu wina. Ngati mkhalapakati akufunikadi, akhale amene mnzanuyo wamusankha, kapena muuzeni zochepa chabe, kuti "ndinaulula nkhani yomwe anandisungitsa", osatchula nkhaniyo.

Akayankha, kapena akapanda kuyankha

Akakalipa, mverani mpaka amalize. Mwina anena zina zopyola, mwina akumbutsa zakale. Lero si tsiku lowongola zimenezo. Yankho lanu likhale lalifupi: "Ndamva, ndipo mukunena zoona kuti ndinakupwetekani." Chachikulu, musamukumbutse kuti nayenso anakulakwiranipo, ndipo musayerekeze n'komwe kutchula zinsinsi zina zomwe mukumusungirabe ngati umboni woti ndinu wokhulupirika. Iye adzamva ngati mukumuopseza.

Akafunsa kuti "munachitiranji?", apa ndi pomwe chifukwa chija chimalowa, koma chikhale choona ndi chosakometsera. Wa tomato angayankhe kuti, "Ndinadziuza kuti ndikukuthandizani, koma zoona zake nkhani inandikomera pakamwa, ndipo sindinaganize za inu." Yankho lotere limapweteka kulinena, koma ndi lokhalo lomwe mnzanu angalikhulupirire.

Akayankha msanga kuti "basi zatha, palibe kanthu", musathamangire kusangalala. Ambirife tinaleredwa kuti munthu akapepesa sukaniza, ndiye pakamwa pamakhululuka mtima usanafike. Mudzazindikira poona kuti moni akuyankha koma nkhani zakuya sakukuuzaninso. Zimenezo zilandireni, musamufunse kuti bwanji masiku ano mukundibisira. Akakhala chete osayankha, musamuwunjikire mauthenga kapena kumuflasha. Dikirani sabata ziwiri kapena zitatu, kenako tumizani chiganizo chimodzi chonena kuti mawu anu aja akadali pomwepo, n'kusiya.

Zinsinsi zina ndi zolemera kuposa ngongole. Ngati munaulula za matenda a munthu, makamaka zoti ali ndi kachilombo ka HIV, dziwani kuti lamulo la dziko lino la HIV ndi Edzi la 2018 limateteza chinsinsi chimenechi, ndipo mnzanuyo ali ndi ufulu wokadandaula. Chipepeso chanu chisakhale njira yomunyengerera kuti asatero, ndipo musamupemphe kuti alonjeze kuti sakanena. Kumbali ina, pali chinsinsi chomwe sichiyenera kusungidwa: ngati mnzanu anakuuzani kuti mwana akuchitidwa nkhanza, kapena kuti iye akufuna kudzipha, ndipo inu munakauza oyenera, monga apolisi a Victim Support Unit kapena nambala yaulere ya ana ya 116 yomwe amayendetsa a YONECO konkuno ku Zomba, musalembe kuti munalakwa kunena. Mungapepese kuti simunamuuze kaye kuti mukukanena, ngati mpata unalipo, kapena kuti munauzanso ena osafunika. Chipepeso chivomere zomwe munalakwadi, osapitirira pamenepo.

Tibwerere kwa amayi athu aja. Tinene kuti telala wayankha patapita masiku kuti, "Kauzeni asungichuma okha, pagulu ayi." Wa tomato achite zomwezo ndendende: apite kwa msungichuma yekha, anene kuti mawu okayikira aja anali ake ndipo analibe umboni, apemphe kuti nkhani isapitirire, kenako atumize uthenga waufupi kwa telala wonena kuti wapita, ndi zomwe wanena. Pa msonkhano wotsatira wa banki m'khonde apereke moni monga mwa masiku onse, asakakamire kukhala naye pa mkeka umodzi, ndipo wina akayambitsa nkhaniyo ayankhe kuti, "Imeneyo ndinalakwa kuinena, sindiikambanso."